Kusandutsa mndandanda wa ntchito kukhala mbiri yokumbukika

Mbiri yachidule ya mlendo wodzalankhula pamsonkhano ndi ndime imodzi, ya mawu apakati pa 50 ndi 80, yomwe imaikidwa papologalamu pansi pa chithunzi chake. Imayankha funso limodzi: munthu ameneyu wachita chiyani kuti anthu amutchere khutu pa mutu wa tsikulo? Koma okonza msonkhano akapempha mbiri, alendo ambiri amangotumiza chikalata chomwe amafunsira ntchito, chodzaza ndi zaka, maudindo ndi mayina a mabungwe. Wowerenga akafika pamzere wachitatu amakhala ataiwala woyamba.

Ntchito yoyamba ndi kupeta, monga amachitira mayi ndi lichero. Mlembi amayang'ana mutu wa msonkhano, n'kusankha chinthu chimodzi chomwe mlendoyo anachita ndi manja kapena nzeru zake chogwirizana ndi mutuwo. Udindo umangonena mpando umene munthu anakhalapo; chomwe anthu amakumbukira ndi chimene anachita ali pampandopo.

Mbiri ya a William Kamkwamba ikuonetsa bwino zimenezi. Mndandanda wawo unganene kuti anaphunzira ku African Leadership Academy ku South Africa, anamaliza digiri ku Dartmouth College mu 2014, anagwirapo ntchito ku IDEO.org, ndipo ndi mmodzi mwa omwe anayambitsa Moving Windmills Project. Zonsezi n'zoona, koma siziuza munthu chilichonse choti akasimbe kunyumba. Pamsonkhano wa magetsi akumudzi, ndimeyo ingayambe motere:

"Ali ndi zaka 14, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, a William Kamkwamba anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kwawo ku Wimbe, m'boma la Kasungu, pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, zitsulo zotoleza ndi njinga yakale."

Chiganizo chachiwiri chimanena zomwe akuchita lero, chachitatu n'kutchula zomwe adzakambe. Digiri ija ikhoza kulowa kumapeto m'mawu ochepa, kapena kutsala ndithu.

Alendo ambiri alibe nkhani yotchuka chotere, ndipo apa mlembi ayenera kuimba foni. Funso loti "Ndi vuto liti lomwe munalipeza pantchitoyo, ndipo munalithetsa bwanji?" limatulutsa zomwe chikalata chinabisa. Namwino amene analemba kuti anayang'anira chipatala chaching'ono zaka khumi angapezeke kuti ndiye anayambitsa zoyendera amayi oyembekezera m'midzi pa njinga.

Mbiri yolakwika imadziwika mosavuta. Dzina likaphimbidwa ndi chala, ndimeyo n'kuoneka kuti ingakwanire munthu wina aliyense wantchito yomweyo, ndiye kuti sinapse. Mawu ngati "katswiri wodziwika bwino" ndi "wodzipereka" ndiwo amayambitsa zimenezi, chifukwa ndi matamando opanda umboni. Ndime yomwe mtsogoleri wa mwambo sangathe kuiwerenga mokweza osapunthwa nayonso imafunika kudulidwa.

Isanasindikizidwe, mbiriyo imatumizidwa kwa mwini wake kuti atsimikize kalembedwe ka dzina, zaka, ulemu monga Dokotala kapena Pulofesa, ndi malo omwe akugwira ntchito panopa, poti chikalata chomwe anatumiza chimatha kukhala cha zaka ziwiri zapitazo.