Mwapatsana Nambala ku Chionetsero? Musalole Masiku Awiri Adutse

Chionetsero cha zamalonda chikamachitika pa bwalo la Chichiri ku Blantyre, chija chimakonzedwa ndi bungwe la amalonda la MCCCI, makhadi ndi manambala a foni zimayenda m'manja mwa anthu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Chimodzimodzi kumisonkhano ya ku BICC ku Lilongwe, kumaphunziro a mabungwe, ngakhale kumadyerero a ukwati. Anthu awiri amacheza bwinobwino, n'kusiyana ndi mawu akuti "tilankhulana." Ambiri mwa iwo salankhulananso. Sikuti anakhumudwitsana ayi. Wina amadikira kuti aimba akakonzeka bwino, ndipo pamene akuimba patatha masabata atatu, mnzake uja amafunsa mwaulemu kuti, "Pepanitu, ndikulankhula ndi ndani?"

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Nambala imene mwangoisunga m'foni ikadali pachala.

Kuiwala kuli ndi kayendedwe kake, ndipo anthu anakuyeza kalekale. M'chaka cha 1885 katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anafalitsa zimene anapeza atadziyesa yekha. Ankaloweza timawu topanda tanthauzo, kenaka n'kumaona kuti tatsala tingati m'mutu pakapita nthawi. Patangotha ola limodzi, zoposa theka la ntchito yake yoloweza zinali zitatayika. Patatha tsiku, chotsala chinali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kuchokera pamenepo kuiwala kunkapitirira, koma pang'onopang'ono. Kutayika kwakukulu kumachitika koyambirira kwenikweni.

Munthu si kamawu kopanda tanthauzo, ndipo palibe lamulo lakuti pa ola la 48 ubongo umatseka chitseko. Komabe taganizirani wogula katundu wa sitolo yaikulu amene wayendera malo a anthu 40 tsiku limodzi. Nkhope zina azikumbukira, nkhani zina azikumbukira, koma maina ndi amene amayamba kuthawa, chifukwa dzina la mlendo siligwirana ndi chilichonse m'mutu mwake. Ntchito ya uthenga wanu ndi imeneyi: kumangirira dzina lanu ku chinthu chimene iye akuchikumbukirabe. Pa tsiku loyamba ndi lachiwiri chinthu chotero chimakhalapo. Pakatha sabata, ntchito za ku ofesi zimakhala zitachikwirira.

Tiyerekeze ndi mayi wina wa ku Mchinji amene amapanga chiponde cha m'mabotolo. Lachinayi masana pafika bambo wogula katundu wa sitolo ina ya mu Limbe. Walawa chipondecho, wanena kuti n'chosalala kuposa chimene amagulitsa, koma wafunsa zinthu ziwiri: ngati chili ndi chiphaso cha bungwe loona za miyezo la MBS, komanso mtengo wopikulira mabotolo a magalamu 500. Mayi ayankha kuti chiphaso chilipo koma pepala lake latsala kunyumba, ndipo alonjeza kutumiza chithunzi chake. Bamboyo wasiya khadi n'kupita.

Ntchito imayamba pomwepo, bamboyo asanafike n'komwe pa malo a munthu wotsatira. Mayi atembenuza khadi lija n'kulemba kumbuyo kwake: Lachinayi, analawa, akufuna chiphaso ndi mtengo wa 500. Zimenezi sizitenga mphindi imodzi, koma ambiri amazinyalanyaza poganiza kuti sangaiwale. Amaiwala. Pofika madzulo makhadi amakhala khumi m'chikwama ndipo sadziwanso kuti wa ku Limbe ndi uti, wofuna uchi ndi uti. Ngati palibe khadi, sungani nambala m'foni ndi mawu okukumbutsani, monga dzina lake, sitolo yake ndi mawu akuti "chiphaso." Ndipo musanasiyane funsani kuti, "Ndikupezeni bwanji, pa WhatsApp, pa imelo kapena ndiimbe?" Funso laling'onoli limakupatsani chilolezo, motero uthenga wanu ukafika sukhala wa munthu wothyola mpanda.

Usiku wa Lachinayi lomwelo si nthawi yabwino yotumizira. Bamboyo watopa, ali ndi banja lake, ndipo uthenga wa mayi wachilendo wofika cha m'ma 10 koloko usiku ukhoza kumveka molakwika kwa iye kapena kwa akunyumba kwake. Izi ndikuzinena mosabisa chifukwa amayi ambiri a bizinesi avutikapo nazo, ndipo abambo olembera amayi ayenera kusamala koposa. Usikuwo mayi angopempha mwana wake kunyumba kuti ajambule chiphaso chija momveka bwino, iye n'kukonza mitengo. Lachisanu cha m'ma 9 koloko m'mawa, nthawi ya ntchito, atumiza uthenga wotere:

"Mwadzuka bwanji bambo? Ndine mayi uje, wa chiponde cha ku Mchinji chimene munalawa dzulo masana ku Chichiri, chija munati n'chosalala. Monga ndinalonjezera, nachi chithunzi cha chiphaso cha MBS pamodzi ndi mitengo yopikulira mabotolo a magalamu 250 ndi 500. Timatha kupanga mabotolo 200 pa sabata. Ndikhala ndili mu Blantyre mpaka Lolemba. Kodi mungandilole kuti ndidzasiye mabotolo awiri ku ofesi kwanu Lolemba m'mawa, anzanu adzalaweko? Zikomo."

Uthenga wonsewu ukukwana pa galasi la foni popanda kutsetsereza chala. Chiganizo choyamba pambuyo pa moni chanena dzina, malo, nthawi ndi mawu amene bamboyo anawalankhula yekha. Mawu akewo ndiwo ofunika kwambiri, chifukwa munthu amakumbukira msanga zimene ananena iye kuposa zimene anauzidwa. Kenaka pabwera lonjezo lokwaniritsidwa. Wogula amene wangoona chiponde chanu kamodzi sangadziwe ngati mudzabweretsa katundu pa tsiku lake, koma waona kale kuti mwanena chinthu Lachinayi n'kuchichita Lachisanu. Kwa munthu amene mashelefu ake amakhala opanda kanthu ogulitsa akachedwa, umenewu ndi umboni woyamba wa mmene mumagwirira ntchito.

Pomaliza pali pempho limodzi lokha, laling'ono, lokhala ndi tsiku, loti angayankhe ndi "eya" kapena "bwerani Lachiwiri." Mayi sanapemphe oda, sanapemphe kuti amuthandize ngongole, sanafunse ngati kusitoloko kuli mwayi wa ntchito wa mwana wa mchemwali wake. Munthu amene mwacheza naye mphindi zisanu ali ndi ngongole ya mphindi zisanu basi kwa inu. Pempho likakula kuposa ubale, njira yapafupi kwa iye ndi kukhala chete, ndipo akangokhala chete kamodzi amachita manyazi kudzayankhanso.

Chimene chimapha mauthenga ambiri kwathu kuno ndi ulemu womwe umene tinaleredwa nawo. Timaona ngati n'chipongwe kuyamba nkhani tisanapatsane moni mokwanira, ndiye timalemba "Moni bwana" n'kudikira. Pamaso m'pamaso zimenezi n'zoyenera. Pa foni, "Moni bwana" wochokera ku nambala yachilendo amafanana ndi chiyambi cha mauthenga a akamberembere aja amene amanamiza anthu kuti atumiza ndalama molakwika pa Airtel Money kapena Mpamba. Anthu anaphunzira kusayankha. Moni asasowe, koma ayende limodzi ndi dzina ndi nkhani yonse mu uthenga umodzi. Kuflasha kokha musayerekeze, chifukwa kumauza munthu kuti awononge mayunitsi ake pa nkhani yanu. Uthenga wa mawu wa mphindi zitatu nawonso ndi katundu, pakuti sangaumvere ali mumsonkhano, ndipo sangafufuzemo mtengo akadzaufuna mawa. Yang'ananinso mmene mumaonekera pa WhatsApp: munthu amene sanasunge nambala yanu amaona dzina limene munadzipatsa nokha. Ngati pamenepo pali dzina lachibwana kapena vesi m'malo mwa dzina lanu, konzani musanatumize.

Sikuti aliyense ndi wa WhatsApp. Mfumu, mbusa wachikulire kapena mkulu wa kopaletivi kumudzi nthawi zambiri amalemekezeka ndi foni yoimba. Mukaimba, dzitchuleni, kumbutsani komwe munakumana, funsani ngati ali ndi mpata, ndipo nkhani isapitirire mphindi ziwiri. Wa mu ofesi ya boma kapena kampani yaikulu angafune imelo kuti akathe kuionetsa kwa abwana ake. Pamenepo mutu wa imelo unene zonse, monga "Chiponde cha ku Mchinji, tinakumana ku Chichiri Lachinayi." Mukakumana Lachisanu madzulo kapena Loweruka, masiku awiri aja amagwera pa tsiku lopuma. Kwa wamalonda wodziimira payekha, Loweruka m'mawa palibe vuto. Kwa wa mu ofesi, Lolemba m'mawa ndi bwino kuposa kumusokoneza ali kutchalitchi, ndipo ngati ndi Msilamu pewani nthawi ya mapemphero a Lachisanu masana.

Nanga akapanda kuyankha? Choyamba onani ngati uthenga wafika. Kachizindikiro kamodzi kotuwa kakutanthauza kuti wachoka kwa inu koma sunafike pa foni yake, mwina alibe bandulo kapena foni yazima chifukwa cha magetsi. Kakakhala choncho tsiku lonse, tumizani SMS yaifupi. Tiwiri totuwa ndiye kuti wafika. Tiwiri tabuluu ndiye kuti watsegulidwa, koma anthu ambiri otanganidwa anazimitsa zimenezi, choncho musawerengere mtima wa munthu pa mtundu wa tizizindikiro. Musatumize "Mwaona uthenga wanga?" madzulo omwewo. Mayi wathu uja akafika Lolemba osayankhidwa, asangotulukira ku ofesi ngati kuti analoledwa. Adikire pafupifupi sabata, kenaka alembenso kamodzi ndi kanthu katsopano: kuti galimoto yake ibwera ku Blantyre tsiku lakutilakuti ndipo angathe kutumizirapo mabotolo aja. Kachiwirika kakapitanso pachabe, asiye, asunge nambala ndi zolemba zake. Akadzakumananso pa chionetsero china, adzayambira pa chiphaso chimene anatumiza, osati pa dandaulo lakuti sanayankhidwe.

Palinso amene akuwerenga izi ali ndi khadi la mwezi watha m'chikwama. Lembanibe, koma dziwani kuti munthuyo mwina wakuiwalani, ndiye uthenga uyenera kunyamula zambiri zokumbutsa. Tchulani dzina la msonkhano ndi tsiku lake, amene anakudziwitsanani ngati alipo, ndipo ikanipo chithunzi cha katundu wanu kapena cha malo amene munaimapo. Kupepesa kukhale kwa mawu ochepa, "pepani ndachedwa kukupezani," popanda mbiri ya maliro ndi matenda amene anakuchedwetsani. Ndipo onaninso mitengo musanaitumize, chifukwa imene munatchula mwezi watha mwina yasintha, ndipo ndi bwino aimve kwa inu lero kusiyana n'kudzaiona pa invoisi.