Kukana usungichuma wa pasukulu osataya sukulu ya mwana

Pamsonkhano wa makolo, nthawi yosankha komiti ikakwana, maso a anthu amathamangira kwa amene ali pa ntchito yolembedwa. Kalaliki wa kukampani, namwino, wogulitsa m'sitolo, onsewa amaoneka oyenera ulembi kapena usungichuma chifukwa amadziwa cholembera ndipo sachita mantha kulowa m'banki. Wina amatchula dzina, wina n'kuvomereza, m'manja n'kuwombedwa mwini wake asanatsegule pakamwa. Ambiri amavomera chifukwa cha manyazi, poopa kuti anzawo anena kuti ndi odzikonda. Koma anthu omwewa ndi amene sapezeka Lachitatu m'mawa, pamene ntchito yambiri ya komiti imachitika.

Sukulu za pulayimale za boma m'Malawi zimadaliradi makolo. Boma litathetsa fizi m'chaka cha 1994, ana olembetsa anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo aphunzitsi okha sakanatha kusenza zonse. Lero pafupifupi sukulu iliyonse ili ndi komiti yoyendetsa sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndi gulu la amayi lomwe limalangiza atsikana komanso kulondola ana amene asiya kubwera. Kumene kuli phala kulinso ophika. Bungwe la Mary's Meals, lomwe linayamba kudyetsa ana 200 m'Malawi muno m'chaka cha 2002, limabweretsa ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya, koma ophika ndi anthu a m'dera momwemo, ndipo salipidwa.

Chimene sichitchulidwa pachisankho n'chakuti udindo uliwonse uli ndi ola lake. Wophika phala amafika kusanache kuti akoleze moto, atunge madzi, phala lipse ana asanatope ndi njala, ndipo sachoka miphika isanatsukidwe. Mayi wa m'gulu la amayi amayenda m'makomo masana. Wa m'komiti amaitanidwa nthawi imene a hedi ali muofesi, ndiye kuti mkati mwa sabata, dzuwa lili pamutu. Munthu akhoza kukhala ndi mtima wonse wofuna kuthandiza, koma ngati ola limenelo analigulitsa kale kwa bwana, mtimawo susayina cheke.

Tiyerekeze mayi wogulitsa m'sitolo ku Limbe, wokhala ku Bangwe, amene mwana wake ali Sitandade 4. Amagwira ntchito masiku 6 pa sabata, maola 8 pa tsiku, zomwe zikukwana maola 48, malire amene lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 linaika pa sabata. Lamulo lomwelo limamupatsa masiku 18 a tchuthi pa chaka, pamene wogwira masiku 5 pa sabata amapatsidwa 15. Tchuthi chopitira kumsonkhano wa kusukulu mulibemo m'lamuloli. Akafuna kupita, adule pamasiku ake 18 aja kapena apemphe chifundo kwa bwana.

Makolo amutchula kuti akhale msungichuma. Asanayankhe, funso lofunika kuwafunsa a hedi ndi lakuti, chaka chathachi msungichuma anafunika kangati, ndipo masiku ati? Tinene kuti yankho lili motere: komiti inakumana kawiri pa teremu, ndiye kasanu n'kamodzi pa chaka, misonkhano ya makolo onse inali itatu, kubanki anapitako kanayi, kukafunsa mitengo ndi kukagula zipangizo katatu. Amenewa ndi maulendo 16. Uliwonse, tikawerengera minibasi, kudikira kuti anthu akwane ndi mzere wa kubanki, umadya theka la tsiku. Akwana masiku 8 athunthu pa 18 aja, ndipo maliro, matenda a mwana ndi ulendo wa kumudzi sizinawerengedwe. Komanso si bwana aliyense amalola tchuthi chodula pakati. Ena ukapempha m'mawa wokha amalemba tsiku lonse.

Usungichuma ndiwo wovuta kwambiri kuugwira uli kutali, ndipo chifukwa chake chili m'kayendetsedwe ka ndalama. Thandizo limene boma limapereka lotukulira sukulu limalowa kuakaunti ya sukuluyo, ndipo kuti lituluke pamafunika siginecha za anthu oposa mmodzi, amene banki inawalemba m'mabuku ake. Cholinga n'chakuti munthu mmodzi asatape ndalama payekha. Wosayinayo akasowa, choko, mabuku olembamo maina a ana, malata a chimbudzi, zonse zimaima. Apa ndi pamene msungichuma wotanganidwa amagwa m'mbuna: amauzidwa kuti angosayiniratu macheke angapo opanda kanthu kuti asamavutitsidwe kuntchito. Akatero chitetezo chija chatha, koma dzina lake likadali pamenepo. Tsiku limene makolo kapena mlangizi wa zamaphunziro wa m'zoni adzafunse malisiti, woyankha adzakhala iyeyo, pa ndalama zimene sanazione n'komwe.

Kusintha wosayina nakonso si kwa tsiku limodzi. Pamafunika msonkhano, mfundo zolembedwa za msonkhanowo, kalata ndi ulendo wa kubanki. Choncho wovomera lero n'kutula pansi udindo pakati pa teremu wavutitsa sukulu kuposa wokana pa tsiku la chisankho. Ena amaona ngati kukana pagulu n'chipongwe, kuli bwino kuvomera kaye n'kudzazemba mwakachetechete. Ulemu umenewo ndi wa tsiku limodzi basi, ndipo olipira ndi ana.

Kakanidwe kake kali ndi nthawi ndi mawu. Ngati mphekesera zamveka kuti dzina lake litchulidwa, mayiyu achita bwino kuonana ndi a hedi kapena wapampando msonkhano usanachitike, kuti ayambe kuganizira munthu wina. Zikamudzidzimutsa pabwalo, aimirire nthawi yomweyo, manja asanawerengedwe, n'kunena zonga izi: “A mfumu, a hedi, makolo anzanga, ndathokoza kuti mwandikhulupirira. Koma ine ndimalowa ntchito hafu pasiti 7, kuweruka 5 koloko, Lolemba mpaka Loweruka. Ndikavomera ndikhala ndikukunamizani, chifukwa tsiku la kubanki simudzandiona. Mpandowu mupatse amene amapezeka masana. Ine ndikhoza kumathandiza kulemba bwino buku la ndalama Lamulungu masana, kamodzi pa mwezi.”

M'mawu amenewa muli maola enieni, osati kungoti “ndimatanganidwa”. Kutanganidwa aliyense amatanganidwa. Mayi wogulitsa tomato pamsika amene amaphika phala kawiri pa sabata nayenso amataya makasitomala a m'mawa, ndipo akamva wa pa ntchito yolembedwa akudandaula za kutanganidwa amangoti, ndiye ife ndife osowa chochita? Kusiyana kwake n'kwakuti wa tomato akhoza kusiyira mnzake benchi, pamene wolembedwa akachoka popanda chilolezo akhoza kudulidwa malipiro kapena kulandira kalata ya chenjezo. Akafotokoza motero, anthu amamvetsa. Mawu oyenera kuwapewa ndi akuti “ndiona” kapena “ndiyesetsa”, chifukwa pamsonkhano amamveka ngati inde, ndipo mlembi amalemba dzina.

M'mawu aja mulinso chopereka chokhala ndi tsiku lake. Lonjezo lakuti “mukandifuna mundiuze” silikwaniritsidwa kawirikawiri, popeza palibe amene amadziwa chomuitanira munthuyo. Ntchito ya usungichuma ili ndi mbali ziwiri: yofuna munthu pamalopo, monga kusayina ndi kugula, ndi yofuna cholembera chabe. Yachiwiriyi mayi wathu angaigwire pakhonde pake. Msungichuma amene wasankhidwa amabwera ndi malisiti a mwezi wonse, awiriwa n'kuwasanja motsata madeti, kulemba zolowa ndi zotuluka, n'kuona ngati zotsala zikugwirizana ndi zimene banki ikunena. Ola limodzi kapena awiri akwana. Malire ake akhale omveka kuyambira pachiyambi: iye sagwira ndalama, sasayina, ndipo wofotokoza kwa makolo ndi amene anasankhidwa. Izi zivomerezedwe ndi komiti n'kulembedwa, kuopa kuti mawa wina anganene kuti mabuku a sukulu akuyenda m'makomo mwa anthu mobisa.

Nkhani ya phala ndi yosiyanako pang'ono, chifukwa m'madera ambiri kuphika kumayenda mosinthana, mudzi ndi mudzi kapena gulu ndi gulu, ndipo tsiku lanu likafika mphika sudikira. Amene sangathe amatumiza wachibale wamkulu, azakhali kapena agogo ngati ali ndi mphamvu, kapena kubweretsa nkhuni madzulo a dzulo lake. Kulipira munthu kuti akaphike m'malo mwanu kumachitika, koma kumafunika kufunsa kaye atsogoleri a ophikawo, popeza mmodzi akamalandira kenakake pakati pa anzake ongodzipereka, mkangano suchedwa. Chosayenera n'kutumiza mtsikana wa pakhomo amene nayenso amayenera kukhala m'kalasi nthawi yomweyo. Mlonda kapena namwino wa mashifiti ali ndi mwayi wina: masiku ake opuma amagwera mkati mwa sabata, choncho akangolandira ndandanda ya mwezi akhoza kusankhiratu tsiku limodzi n'kulipereka.

Palinso mbali ina imene mpando wa m'komiti sungalowe m'malo mwake, yomwe ndi ya mwana mwini. M'kalasi la ana 80 kapena kuposa, zomwe si zachilendo m'matauni, mphunzitsi sangaone msanga kuti mwana mmodzi wayamba kutsalira. Kope ndi limene limaulula. Kholo likamatsegula madzulo liyang'ane madeti, chifukwa masiku odumphidwa amasonyeza kujomba kapena kukhala panja. Liyang'ane ngati ntchito ikuchongedwa. Lione ngati mwana amamaliza kukopera kapena amalekera pakati, zomwe nthawi zina zimatanthauza kuti saona bwino pabolodi kapena amakhala kumbuyo kwenikweni. Wa Sitandade 1 mpaka 4 awerenge mokweza kwa mphindi khumi, kholo litatseka chithunzi ndi dzanja, kuti lidziwe ngati akuwerengadi kapena analoweza tsambalo.

Pa masiku 18 aja, mayiyu akhoza kupatula atatu okha, limodzi pa teremu, n'kuwapempha kwa bwana sukulu ikangotsegulira. Ambiri amasankha tsiku lotsekera, koma tsikulo aphunzitsi amakhala pakati pa chikhamu ndipo zotsatira zalembedwa kale. Tsiku la pakati pa teremu, atapangana ndi mphunzitsi wa kalasi pafoni, limapatsa mpata wokonza zinthu mayeso asanafike. Msonkhano wa makolo umene sangapiteko atumizeko munthu wamkulu wa pabanja, n'kumuuziratu maganizo ake pa nkhani zimene zikakambidwe, makamaka za zopereka, popeza zogwirizana kumeneko zimamanga ndi amene sanabwere.

Masukulu nawo ali ndi pokonza. Kumene makolo ambiri ndi olembedwa ntchito, msonkhano wa Lachitatu 9 koloko umangosankha okha amene alibe bwana, kenaka n'kumadandaula kuti enawo safuna chitukuko. Kholo limene lakana mpando lili ndi ufulu wopempha kuti msonkhano umodzi pa chaka uzichitika Loweruka masana, ndiponso kuti kalata yoitanira izifika kutatsala sabata yathunthu, osati kumva kwa mwana usiku kuti mawa mukufunika kusukulu. Pempholi lipite kwa wapampando wa bungwe la makolo ndi aphunzitsi, chifukwa kubwera Loweruka kumadyanso tsiku lopuma la aphunzitsi, ndipo iwo ayenera kuvomera.