Kusandutsa Nkhope ya Mwini Sitolo Kukhala Chizindikiro cha Malonda

Chizindikiro cha malonda, chomwe ambiri amachitcha logo, chimatha kuchokera pa nkhope ya mwini bizinesi. Chitsanzo chodziwika padziko lonse ndi cha malo odyera nkhuku a KFC, omwe chizindikiro chake ndi nkhope ya amene anawayambitsa, Harland Sanders wa ku America. Munthu akachiyang'anitsitsa amapeza kuti mulibe zambiri. Muli tsitsi loyera, magalasi a m'maso, kandevu kosongoka ka pachibwano ndi kachingwe kakuda komangidwa pakhosi. Makwinya, mtundu wa khungu ndi zina zonse za pachithunzi chenicheni anazisiya. Ntchito yonse yagona pamenepo: wojambula amasankha zinthu zitatu kapena zinayi zimene anthu amamudziwira munthuyo, nkutaya zotsalazo.

Kutayako kuli ndi chifukwa. Chithunzi cha pafoni chimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri ta mitundu yosiyanasiyana, ndipo chikakulitsidwa pa chikwangwani chimaphwanyika nkuoneka mbuu. Chizindikiro chimafunika kugwira ntchito ponseponse: pakhoma la sitolo, pa chidindo cha malisiti, pa sitika ya pabotolo, pa malaya a antchito. Chidindo chimadziwa mtundu umodzi wokha wa inki, ndipo wolemba zikwangwani ndi penti sangasakanize mitundu makumi awiri kuti atulutse tsaya limodzi.

Gawo loyamba ndi kujambula chithunzi choyenera, ndipo apa mpamene ambiri amalakwitsa. Chithunzi chodzijambula wekha utatambasula mkono sichithandiza, chifukwa kamera ikayandikira kwambiri imakulitsa mphuno ndi chipumi, makutu nkuchepa. Wojambula aime mamita awiri kapena atatu kuchokera pa munthuyo, kamera ili molingana ndi maso ake. Dzuwa la masana limaika mithunzi yakuda m'maso ndi pansi pa chibwano, choncho malo abwino ndi pakhonde kapena pafupi ndi zenera, kuwala kukubwera chammbali pang'ono. Kuwala kotereku kumagawa nkhope pawiri, mbali yowala ndi mbali ya mthunzi, ndipo malire a mbali ziwirizi ndiwo adzasanduke mizere ya chizindikiro. Kumbuyo kukhale khoma loyera lopanda zokongoletsa. Ndi bwino kujambula moyang'anizana naye, kenako atapotoloza mutu pang'ono, akumwetulira ndiponso ali phee.

Titenge chitsanzo cha mayi wophika nsima ndi chambo pamsika. Makasitomala ake amamudziwira duku lomangidwa mfundo patsogolo, ndolo zikuluzikulu zozungulira, masaya odzaza ndi kampata ka pakati pa mano akutsogolo. Njira yodalirika yopezera zinthu zimenezi ndi kufunsa anthu omwe amadya pamalopo kuti angamufotokoze bwanji kwa mlendo amene sanamuonepo. Zimene anthu angapo atchula mofanana ndizo zilowe m'chizindikiro. Mwini wake sakhala woweruza wabwino pa nkhaniyi, pakuti kawirikawiri amafuna kubisa chomwecho chimene anthu amamudziwira. Mayiyu akapempha kuti kampata ka mano katsekedwe ndi masaya aphwetsedwe, chotuluka chidzakhala nkhope yokongola ya munthu wosadziwika. Wojambula waluso amamufotokozera zimenezi mwaulemu ntchito isanayambe, komanso amasamala kuti kukokomeza kusafike poti munthu wamkulu aoneke ngati choseketsa ana.

Kenako chithunzicho chimachotsedwa mitundu kuti chitsale chakuda ndi choyera. Pulogalamu yaulere ya Inkscape ili ndi chida chotchedwa Trace Bitmap, ndipo Adobe Illustrator ili ndi Image Trace. Zonsezi zimasandutsa timadontho kukhala mizere yomwe imakula kapena kuchepa popanda kuphwanyika, imene akatswiri amaitcha vekita. Zida zimenezi zimagamula poyang'ana kuwala: malo odera kuposa mlingo wosankhidwa amada bii, ena onse amayera. Pa munthu wakhungu lakuda zotsatira zake nthawi zambiri zimakhumudwitsa, chifukwa nkhope yonse imasanduka chibulunga chakuda chokhala ndi mano ndi maso okha. Mlingowo ukatsitsidwa, nkhope imadzaza timawanga ngati nthomba. Choncho zotuluka m'makinawa zingokhala zolozera pamene pali mithunzi, koma mizere yeniyeni ijambulidwe ndi dzanja pamwamba pa chithunzicho. Wopanda kompyuta angachite zomwezo poika pepala lopyapyala pamwamba pa chithunzi chosindikizidwa, atazitsamiritsa pagalasi la zenera.

Kwa mayi wa chambo uja, wojambula amayamba ndi mzere wakunja wa mutu ndi duku, chifukwa munthu akaima patali amaona kaye maonekedwe akunjawo. Nkhope imapakidwa mtundu umodzi wofiirira, mthunzi wa mbali imodzi nkukhala wofiirira moderapo. Maso amakhala timizere tiwiri topindika, mphuno imangosonyezedwa ndi kamzere ka pansi pake. Maluwa a pachitenje cha duku amasiyidwa, nkutsala makwinya awiri kapena atatu a pamfundo. Ndolo ndi kampata ka mano zimakulitsidwa pang'ono kuposa mmene zilili, kuti zisasowe chizindikiro chikachepa. Mitundu yonse isapitirire itatu kapena inayi, ndipo pakhalenso mtundu wina wa chizindikirocho wa inki imodzi yokha.

Ngati mwini bizinesi akufuna kachidole koimira sitolo, komwe ena amakatcha masikoti, nkhopeyo imapatsidwa thupi. Munthu wamkulu weniweni amatalika pafupifupi mitu isanu ndi iwiri ndi theka, koma kachidole kamajambulidwa kotalika mitu iwiri kapena itatu, kuti nkhope ikhalebe yaikulu. M'manja mumaikidwa chida chimodzi cha ntchito yake, monga mthiko. Kachidoleka kamayenera kujambulidwa kataima mosiyanasiyana, kakuloza mtengo wa katundu kapena kakupereka moni, nkhope yake osasintha.

Chizindikiro chisanapite kosindikiza chiyesedwe. Chimene chajambulidwa chotalika masentimita 15 chikachepetsedwa kufika pa masentimita 3 a chidindo, mzere wa milimita imodzi umatsala mamilimita 0.2 okha. Mzere wotere umaduka, ndipo timipata toyera tating'ono timadzaza inki. Chisindikizidwe pa pepala wamba pa kukula komweko, ndipo chilichonse chosaoneka chinenepetsedwe kapena chichotsedwe. Chiyesedwenso m'bwalo lozungulira, popeza WhatsApp ndi Facebook zimadula ngodya za chithunzi cha mwini tsamba, mfundo ya duku nkupita nazo. Mayeso omaliza ndi kuchionetsa kwa makasitomala chopanda dzina la sitolo. Akachedwa kumutchula mayiyo, ndiye kuti china chofunika chatayidwa. Mwini bizinesi alandire chizindikirocho ngati SVG kapena PDF ya vekita, pamodzi ndi PNG yopanda mtundu kumbuyo, osati JPG yokha.

Patsala nkhani ya umwini. Chithunzi chojambulidwa kusitudiyo nthawi zambiri chimakhala m'manja mwa wochijambulayo mwalamulo, choncho chilolezo chake chipezeke, ndipo pangano ndi wojambula chizindikiro lilembedwe kuti umwini wapita kwa mwini bizinesi. Ayeneranso kuganiza za mtsogolo, chifukwa nkhope ikalowa m'chizindikiro imakhala katundu wa bizinesi. Sanders anagulitsa kampani yake mu 1964 ndipo anamwalira mu 1980, koma nkhope yake ikugulitsabe nkhuku pansi pa eni ena. Amene akuganiza zodzagulitsa sitolo kapena kuisiyira achibale alembe pasadakhale ngati nkhope yake idzapita nayo limodzi kapena ayi.