Woyamba kumanga ng'anjo amadyeranji zambiri?

M'chaka cha 1934, katswiri wa zachuma wa ku Germany, Heinrich von Stackelberg, anatulutsa buku lotchedwa Marktform und Gleichgewicht. M'bukumo anafunsa funso lomwe limaoneka laling'ono: ngati makampani awiri okha akugulitsa katundu wofanana, kodi chimasintha n'chiyani imodzi ikayamba kusankha kuchuluka kwa katundu amene ipange, inzakeyo n'kusankha pambuyo itaona kale? Zaka pafupifupi 100 izi zisanachitike, mu 1838, Augustin Cournot wa ku France anali atawerengera za makampani awiri osankha nthawi imodzi, osaonerana. Stackelberg anangosintha chinthu chimodzi, nthawi yosankhira, ndipo ndalama zinagawika mosiyana kwambiri.

Anthu ambiri akamva izi amati yankho n'lodziwikiratu, woyamba amapeza makasitomala mnzake asanafike. Koma nkhani ya Stackelberg siikhudza makasitomala kuzolowera sitolo. Katundu ndi wofanana, mtengo ndi umodzi, ndipo onse amagulitsa tsiku limodzi. Mwayi wa woyambayo umachokera kwina, ndipo kuti tiuone tiyenera kuwerengera.

Tiyerekeze kuti m'dera lina muli mafakitale awiri a simenti. Manambala awa ndi ongopeka kuti masamu aphweke. Kupanga tani imodzi kumadya madola 20 ku fakitale iliyonse. Mtengo wa pamsika umatsika simenti akachuluka: umayambira pa madola 140, ndipo tani iliyonse yowonjezera patsiku imautsitsa ndi dola imodzi. Olemba masamu amati P = 140 − Q, pomwe Q ndi matani a mafakitale onse awiri pamodzi. Choncho pamsika pakakhala matani 80, mtengo ndi madola 60, ndipo tani iliyonse imasiya phindu la madola 40. Fakitale yoyamba kusankha tiitche mtsogoleri, inayo wotsatira.

Mtsogoleri apange matani angati? Funsoli silingayankhidwe palokha, chifukwa phindu lake likudalira zomwe wotsatira adzachite. N'chifukwa chake kuwerengera kumayambira kumapeto n'kumabwerera m'mbuyo. Wosewera bawo waluso amayamba wawerenga dzenje lomwe nkhomo yomaliza ikagwere, kenako n'kutola. Mtsogoleri nayenso amayamba wadziika m'malo mwa wotsatira, pa tsiku lomwe wotsatirayo adzaone ng'anjo itamangidwa kale.

Ndiye tikhale kaye pa mpando wa wotsatira. Wapeza mtsogoleri akupanga matani 60. Iye asanapange kalikonse mtengo uli pa 80, ndipo tikachotsa madola 20 opangira, patsala mpata wa madola 60 pa tani. Vuto lake n'lakuti tani iliyonse yomwe awonjezere imamubweretsera ndalama, komanso imatsitsa mtengo wa matani ake ena onse. Akapanga 20, mtengo ufika pa 60, phindu ndi 40 pa tani, zonse pamodzi madola 800. Akapanga 30, mtengo ndi 50, phindu 30 pa tani, zonse 900. Akafika 40, mtengo ugwera pa 40, phindu 20 pa tani, wabwereranso pa 800. Pabwino ndi pa 30, theka la mpata wa 60 uja. Izi zimakhala choncho pa nambala iliyonse yomwe mtsogoleri angasankhe m'chitsanzo chathuchi: chotsani matani a mtsogoleri pa 120, zotsalazo muzigawe pawiri, mwapeza matani a wotsatira.

Pamenepa pali chinthu chofunika kuchigwira bwino. Mtsogoleri akawonjezera matani awiri, wotsatira amachepetsa imodzi. Sachepetsa chifukwa cha mantha kapena ulemu, amachepetsa chifukwa n'zimene zikumupindulitsa pa msika womwe waupeza utadzaza kale. Mtsogoleri akuzidziwa zimenezi, ndipo amaziwerengera ngati chinthu chotsimikizika.

Tsopano tibwerere kwa mtsogoleri. Akapanga matani 40, wotsatira apanganso 40, mtengo ukhala 60, ndipo iye apeza madola 1,600. Akapanga 50, wotsatira atsikira pa 35, mtengo ndi 55, phindu lake 1,750. Pa matani 60 wotsatira ali pa 30, mtengo 50, phindu 1,800. Akapitirira mpaka 70, wotsatira atsika pa 25 koma mtengo wagwa kufika 45, ndipo phindu labwerera pa 1,750. Asankha 60. Mapeto ake, mtsogoleri akudya madola 1,800 patsiku, wotsatira 900.

Kuti tione kukula kwa mwayiwu, tifanizire ndi njira ya Cournot ija, yosankha nthawi imodzi. Kumeneko aliyense amatsatira lamulo lomwelija la theka poganizira mnzake, ndipo malo okhawo omwe onse amakhazikika ndi matani 40 aliyense, phindu 1,600 aliyense. Kuyamba kwawonjezera mtsogoleri madola 200 okha, koma kwalanda wotsatira 700. Madola 500 otsalawo sanapite kwa mtsogoleri. Pamsika pali matani 90 m'malo mwa 80, mtengo watsika kuchoka pa 60 kufika pa 50, ndipo omwe akusangalala ndi ogula simenti. Ine ndimaona kuti mbali imeneyi imaiwalika kawirikawiri, chifukwa anthu akamva zoti kampani ina yatsogola amaganiza msanga za kukwera kwa mitengo.

Chodabwitsa china n'chakuti wotsatira ndiye akudziwa zambiri. Iye waona zomwe mnzake wachita, pomwe mtsogoleri anasankha asanaone kanthu. Kudziwa kumeneku ndi kumene kwamupweteka, kapena tinene bwino, chamupweteka n'chakuti mtsogoleri akudziwa kuti iye adzaona. Akanakhala kuti wotsatira sangathe kuona, mtsogoleri sakanakhala ndi njira yomukankhira m'mbuyo.

Nanga wotsatira sangaopseze? Atha kulengeza m'manyuzipepala kuti adzapanga matani 40 zivute zitani. Mtsogoleri akakhulupirira, apanga 40, ndipo wotsatira apulumuka ndi 1,600. Koma taona kale kuti ng'anjo ya matani 60 ikaima, 40 imapatsa wotsatira madola 800 pomwe 30 imamupatsa 900. Tsikulo likadzafika adzasiya yekha zomwe ananena. Ntchito yaikulu ya kuwerengera kochokera kumapeto ndi imeneyi: kumasefa ziopsezo zomwe mwini wake sangazikwaniritse nthawi ikakwana. Reinhard Selten, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1994 pamodzi ndi John Nash ndi John Harsanyi, ndiye anakhazikitsa bwino mfundoyi m'chaka cha 1965.

Muyezo womwewo umagwiranso mtsogoleri, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Tinene kuti wotsatira wakhazikika pa matani 30. Mtsogoleri akanakhala womasuka kusintha, akanatsika kufika pa 45: pamsika pakanakhala matani 75, mtengo 65, phindu lake 2,025, kuposa 1,800. Ndiye kuti matani 60 aja si amene iye angafune akaona zomwe mnzake wachita. Wotsatira akazindikira kuti mtsogoleri angabwerere m'mbuyo chonchi, sapanga 30 ayi. Awonjezera, mtsogoleri atsikanso, mpaka onse akumana pa 40 ndi 40. Mwayi uja watha.

Choncho kulankhula koyamba sikukwanira. Mtsogoleri amapindula pokhapokha ngati wadzimanga m'njira yoti sangamasuke, ndipo mnzake akuona kuti wamangikadi. N'chifukwa chake nkhaniyi imagwira bwino m'mafakitale olemera monga a simenti, zitsulo ndi mankhwala, momwe ndalama zomangira zikalowa sizibwereranso. Ng'anjo ya simenti siinganyamulidwe n'kukagulitsidwa kwina, ndipo ikamangidwa kale kuiyendetsa kumakhala kotchipa kuyerekeza ndi kuimanga. Michael Spence mu 1977 ndi Avinash Dixit mu 1980 analemba za zimenezi, ndipo Dixit anaonetsa kuti chodzimangira chenicheni ndi kukula kwa fakitale. Munthu wofuna kudziwa ngati kampani ikutsogoladi afunse zinthu ziwiri: ndalama zatayidwa kale pa chinthu chosabwezeka? Opikisana nawo akuchiona? Ngati pali chikalata cha mapulani chokha, palibe chomwe chachitika.

Kuonako nakonso kuyenera kukhala kodalirika. Mu 1995 Kyle Bagwell anaonetsa kuti ngati pali mpata, ngakhale waung'ono, woti wotsatira aone molakwika zomwe mtsogoleri wachita, mwayi wa mtsogoleri ungathe kuzimiririka, chifukwa wotsatira amayamba kudalira zomwe ankayembekezera m'malo mwa zomwe waona. Akatswiri ena anatsutsako kukula kwa vutoli, koma linasonyeza kuti mwayiwu ndi wosalimba kuposa mmene mabuku a m'kalasi amaunenera.

Palinso ngozi ina yomwe Stackelberg mwiniwake ankaiganizira kwambiri. Bwanji ngati onse awiri akudziona ngati atsogoleri? Aliyense amanga ng'anjo ya matani 60, pamsika pafika 120, mtengo ugwa pa madola 20, ndipo phindu palibe kwa aliyense. Masamu aja amatiuza zomwe zimachitika mtsogoleri akadziwika, koma satiuza kuti akhale ndani.

Ndipo zonsezi ndi za mpikisano wa kuchuluka kwa katundu. Pomwe makampani akupikisana pa mitengo, nthawi zambiri wachiwiri ndiye amakhala pabwino, chifukwa amaona mtengo wa mnzake n'kutsitsa wake pang'ono.

Mbali yomwe imakhudza malamulo imabwera tikawonjezera chinthu chimodzi. Tinene kuti wotsatira sanalowebe pamsika, ndipo kulowa kudzamudyera madola oposa pang'ono 400 patsiku pobweza ngongole yomangira. Mtsogoleri akapanga matani 80, zabwino zomwe wotsatira angachite ndi matani 20, pa mtengo wa 40, n'kupeza madola 400, osakwana kubweza ngongoleyo. Salowa. Mtsogoleri atsala yekha ndi matani 80 pa mtengo wa 60, phindu 3,200. Apa sakugawananso msika, watseka chitseko.

Zofanana ndi izi zinafika kukhoti ku America. Kampani ya Alcoa inkalamulira pafupifupi 90 peresenti ya msika wa aluminiyamu m'dzikomo, malinga ndi mmene khoti linawerengera. Pogamula mlanduwo mu 1945, woweruza Learned Hand anati kampaniyo inkamanga mafakitale atsopano ogula asanachuluke, kotero kuti aliyense wofuna kulowa ankapeza malo atatengedwa kale, ndipo anaipeza yolakwa. Mpaka lero akatswiri amatsutsana za chigamulochi. Fakitale yomangidwa kuti ikwanire ogula a mawa ndi fakitale yomangidwa kuti itsekereze opikisana nayo zimaoneka chimodzimodzi munthu akaima panja pa mpanda, ndipo zonse ziwiri zimatsitsa mtengo kuyerekeza ndi kampani yomwe ili yokha yosaopa aliyense. M'chitsanzo chathu kampani yotereyi ikanapanga matani 60 n'kumagulitsa pa madola 80.