Kwacha ya mawa ilemera bwanji lero? Masamu ounikira bizinesi ya chiopsezo

Tiyerekeze kuti gulu la anthu likufuna kumanga kafakitale koyenga mafuta ophikira a mpendadzuwa ku Mchinji. Makina, nyumba ndi ndalama zogulira mbewu zoyamba, zonse pamodzi zikufuna K100 miliyoni. Pepala la mapulani likuti kafakitaleko kazibweza K50 miliyoni chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Wowerengera mwachangu aphatikiza n'kupeza K250 miliyoni, ndipo ayamba kale kumwetulira. Koma K50 miliyoni imene idzabwere chaka chachisanu si yofanana ndi imene ili m'manja lero. Yalero itha kuikidwa pena pake n'kubereka, pamene yamtsogoloyo mwina siidzafika n'komwe. Choncho ndalama iliyonse yamtsogolo iyenera kuchepetsedwa tisanaiyerekeze ndi imene tikulowetsa. Peresenti imene timachepetsera ndiyo mlingo wochotsera, ndipo kwenikweni ndi phindu limene mwini ndalama akufuna pachaka kuti alole kuika ndalama zake pamenepo.

Anthu ambiri mlingowu amangoutola m'mutu. Akatswiri a zachuma ali ndi njira yawo youpezera, yotchedwa CAPM, imene William Sharpe wa ku America anaisindikiza mu 1964 potsatira maganizo amene Harry Markowitz anatulutsa mu 1952. Awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 1990 pamodzi ndi Merton Miller. Njirayo ndi ya mzere umodzi:

```
r = Rf + β × (Rm − Rf)
```

Rf ndi phindu limene munthu angapeze popanda kuika ndalama zake pachiswe. Pa dziko lonse amatengera chiwongoladzanja chimene boma limapereka likamakongola kwa anthu, poganiza kuti boma silingalephere kubweza ndalama imene limasindikiza lokha. Kwathu kuno ngongole zoterezi zimagulitsidwa kudzera ku Banki Yaikulu ya Malawi, za masiku 91, 182 ndi 364, komanso zina za zaka zingapo. M'chaka cha 2024 ya masiku 364 inkapereka pafupifupi 26 peresenti, ndipo titenga imeneyo, ngakhale wosamalitsa angasankhe ya zaka zisanu kuti ifanane ndi moyo wa kafakitale kathu. Tanthauzo lake n'lolemera ndithu. Munthu wongokhala pakhonde, wosalemba wantchito ngakhale mmodzi, akanatha kupeza K26 pa K100 iliyonse m'chaka chimenecho. Bizinesi yolonjeza zochepera apo palibe chifukwa choikambira.

Tisanamizane kuti boma silingalephere. Zambia inalephera kulipira ngongole yake yakunja mu Novembala 2020, ndipo mu 2023 Ghana inasintha malonjezo pa ngongole zimene inatenga kwa nzika zake zomwe. Ndiye kuti mu 26 peresenti muja muli kale mantha a kukwera mitengo kwa zinthu ndi mantha okhudza dziko lenilenilo. Amene watengera Rf ku ngongole ya boma la America, imene imapereka zochepa kwambiri, ndiye ayenera kuwonjezerapo za chiopsezo cha dziko lathu ndi kusiyana kwa kwacha ndi dola. Amene wayambira pa ngongole ya boma lathu asawonjezerenso zimenezo, chifukwa akhala atawerenga chinthu chimodzi kawiri.

Mtima wa CAPM uli pa chilembo cha Chigiriki chija, β, chotchulidwa kuti beta. Taganizani za mlimi amene ali ndi minda m'midzi isanu yotalikirana. Matalala akagwa amawononga munda umodzi, ina inayo n'kupulumuka, ndipo nkhokwe imadzazabe. Koma chilala chikagwa chigawo chonse, kumwaza mindako sikumupulumutsa. Sharpe anati msika wa ndalama umayendanso choncho. Pali ngozi za kampani imodzi yokha, monga makina kusweka kapena kalaliki kuthawa ndi ndalama, ndipo munthu amene wamwaza ndalama zake m'makampani ambiri sazimva kwenikweni. Palinso ngozi zogwera onse pamodzi, monga kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusowa kwa ndalama zakunja, kapena kukwera kwa chiwongoladzanja. Msika umalipira munthu chifukwa chosenza ngozi za mtundu wachiwiriwu basi, popeza zoyambazo akanatha kuzipewa yekha.

Beta amayeza kuti bizinesi imagwedezeka motani msika wonse ukagwedezeka. Msika wonse beta wake ndi 1. Kampani ya beta wa 1.5 imakwera kapena kutsika pafupifupi 15 peresenti msika ukasuntha ndi 10, pamene ya beta wa 0.5 imangosuntha ndi theka la mmene msika wasunthira. Amamupeza poyerekeza mitengo ya masheya a kampaniyo ndi ya msika wonse, nthawi zambiri mwezi ndi mwezi kwa zaka zisanu. Kafakitale ka ku Mchinji kalibe masheya pamsika, ndiye timabwereka beta wa makampani ochita zofanana nako. Apa pali msampha. Pa msika wa masheya wa ku Blantyre, umene unayamba malonda mu 1996, pali makampani osakwana 20, ndipo masheya ena amatha masiku osagulidwa kapena kugulitsidwa. Mtengo wosasuntha umatulutsa beta wamng'ono, ngati kuti kampaniyo ndi yodekha, pamene zoona zake n'zakuti palibe amene wagula. N'chifukwa chake ambiri amatengera beta ku makampani a zakudya a m'maiko ena. Aswath Damodaran wa pa yunivesite ya New York amatulutsa manambala otere chaka ndi chaka kwaulere. Kampani ya ngongole zambiri imakhala ndi beta wokwera, choncho wobwereka beta ayenera kuonanso ngongole za kampani imene akubwerekako. Kafakitale kathu tikapatse 1.25.

Chatsala ndi Rm − Rf, phindu loposera limene masheya onse pamodzi amapereka pamwamba pa ngongole ya boma. M'maiko a misika yakale akatswiri amakonda kuika pakati pa 4 ndi 6 peresenti. Ife tiike 8 mongoyerekeza, popeza msika wathu ndi wovuta. Tikachulukitsa 1.25 ndi 8 tipeza 10, tikawonjezera pa 26 tipeza 36 peresenti.

Tsopano tichepetse ndalama zija. K50 miliyoni ya chaka choyamba tigawa ndi 1.36, ikhala K36.8 miliyoni. Ya chaka chachiwiri tigawa kawiri, ikhala K27 miliyoni. Zotsatira zake ndi K19.9 miliyoni, K14.6 miliyoni, ndi K10.7 miliyoni ya chaka chachisanu. Zonse pamodzi ndi K109 miliyoni. K250 miliyoni ija yafota chotere, komabe yaposa K100 miliyoni yolowetsa ndi K9 miliyoni. Tasiya K50 miliyoni osasintha kuti masamu aphweke, koma pa ntchito yeniyeni ndalama za chaka chilichonse zilembedwe pa mitengo ya chaka chimenecho, chifukwa mlingo wathu uli kale ndi kukwera mitengo m'kati mwake. Kulemba mitengo yalero n'kuchotsera ndi 36 peresenti kumapha mabizinesi abwinobwino papepala.

Apa ndi pamene wina pagulupo amakweza dzanja. Kafakitale aka n'katsopano, sikanagulitsepo ngakhale botolo limodzi, ndipo masheya ake sungawagulitse mawa ukafuna ndalama. Tingakayeze bwanji ndi mlingo wa makampani akuluakulu okhazikika? Mawu akewo ndi oona, ndipo chimene ambiri amachita ndi kuwonjezera peresenti ina pamwamba. Tiwonjezere 10, mlingo ukhale 46. Ndalama zomwe zija tsopano zikwana K92 miliyoni yokha. Bizinesi imene inali yopindula yasanduka yoluza ndi K8 miliyoni, chifukwa cha nambala imene munthu wangoitchula pamsonkhano. Bwanji 10, osati 4 kapena 15? Akanati 4, kafakitale kakanapulumuka.

Ine ndimaona kuti nambala yowonjezerayi iyenera kufunsidwa mafunso kuposa zina zonse, chifukwa imanena chinthu chimene woitchula mwina sanachiganize. Kuchoka pa 36 kufika pa 46 n'chimodzimodzi kunena kuti chaka chilichonse pali mwayi wa pafupifupi 7 pa 100 woti bizinesi ifa osasiya kanthu. Chilangocho chimaunjikana. Ndalama ya chaka choyamba imadulidwa ndi 7 peresenti, ya chaka chachisanu ndi 30 peresenti. Koma kodi ngozi za kafakitale katsopano zimabwera choncho? Zambiri zili koyambirira. Makina agwira kapena sagwira, magetsi afika kapena safika, chiphaso cha bungwe loona za miyezo ya katundu chituluka kapena ayi, alimi abweretsa mpendadzuwa wokwanira kapena agulitsa kwa mavenda. Kafakitale kakadutsa chaka choyamba, chachisanu sichikhalanso choopsa chotero. Kuwonjezera pa mlingo kumalanga kwambiri zaka zakutali n'kulekerera chaka chimene chili ndi ngozi yeniyeni.

Njira yolongosoka ndi kusiya mlingo pa 36 n'kuika ngoziyo m'ndalama zenizenizo. K50 miliyoni ya m'pepala la mapulani ndi ya zinthu zikayenda bwino. Tinene kuti pali mwayi umodzi mwa isanu woti kafakitale kalephera chaka choyamba, eni ake n'kugulitsa makina pa K20 miliyoni, imene lero ikulemera K14.7 miliyoni. Titenga magawo anayi mwa asanu a K109 miliyoni, ndiyo K87.2 miliyoni, n'kuwonjezera gawo limodzi mwa asanu la K14.7 miliyoni, ndiyo K2.9 miliyoni. Tapeza K90 miliyoni. Yankho silikusiyana kwambiri ndi K92 miliyoni ija, koma tsopano pali chogwira. Anthu atha kutsutsana pa "umodzi mwa isanu" potengera mafakitale ena amene awaona, pamene pa "10 peresenti" palibe poyambira. Ndipo mwayi wolephera ukatsika kufika umodzi mwa khumi, masamu apereka K99.6 miliyoni, pafupifupi ndalama yolowetsa ija. Gululo lidziwa kuti ntchito yake ndi kupeza wogula mafuta wosayinirana naye pangano, kapena kumangana ndi makalabu a alimi lisanagule makina.

Choyenera kupewa ndi kuchita zonse ziwiri pa ngozi imodzi. Wochotsera mwayi wolephera m'ndalama, kenako n'kugwiritsanso ntchito 46 peresenti, apeza pafupifupi K77 miliyoni, ndipo akana bizinesi chifukwa cha mantha amene wawawerenga kawiri. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona. Funsani wowerengerayo kuti peresenti yowonjezerayo ikuimira ngozi iti, aitchule dzina, kenako yang'anani ngati ngozi yomweyo yachotsedwa kale m'mizere ya ndalama.

Pali zifukwa ziwiri zimene kuwonjezera pa mlingo kumakhalabe koyenera. Choyamba ndi kuvuta kotulutsa ndalama. Gawo la m'kafakitale ka ku Mchinji lingatenge miyezi kuti lipeze wogula, ndipo wogulayo adzatsitsa mtengo. Chachiwiri n'chakuti CAPM imaganiza za munthu wa minda yambiri uja. Mphunzitsi wopuma pantchito amene akuika penshoni yake yonse m'kafakitale kamodzi amasenza ngozi zonse, za matalala ndi za chilala zomwe, ndipo beta wa 1.25 sakunena za iye. Kampani ya inshuwalansi imene ikuikamo kagawo kochepa ka chuma chake itha kukhutira ndi 36 peresenti. Mphunzitsiyo ayenera kufuna zoposa, ndipo ngati kafakitale sikangafikepo, achepetse ndalama zimene akuikamo, zotsalazo azisiye kwina.