Bowo, kulumpha ndi asimputoti: kuwerenga limiti pa galafu

Pa galafu ya masamu, diso limathamangira kadontho kakuda. Wophunzira akafunsidwa limiti ya fankishoni pamene x akuyandikira 1, amafufuza pomwe pali kadontho, nkulemba msinkhu wake, mtima uli m'malo. Apa ndi pamene ambiri amataya malikisi, chifukwa funso la limiti silifuna kudziwa chomwe chili pa 1 penipenipo. Limafunsa kuti mzerewo ukulowera pa msinkhu wanji pamene tikusendera kufupi ndi 1, kuchokera kumanzere komanso kuchokera kumanja.

Njira yake ndi ya zala ziwiri. Ikani chala chimodzi pa mzere wa galafu kumanzere kwa malo mwafunsidwawo, china kumanja, ndipo muziyendetse motsata mzerewo mpaka zisendere pafupi. Zala zikalunjika pa msinkhu umodzi, msinkhuwo ndiye limiti. Zikalunjika kosiyana, limiti palibe.

Tiyeni tiyese pa fankishoni imodzi yomwe ili ndi zambiri zotiphunzitsa:

f(x) = (x² − 1) / (x² − 3x + 2)

Mbali ya pamwamba imagawika kukhala (x − 1)(x + 1), ya pansi (x − 1)(x − 2). Ya pansiyo imasanduka ziro pa x = 1 ndi pa x = 2, ndipo poti sitigawa nambala ndi ziro, fankishoniyi ilibe yankho pa malo awiriwa. Munthu angaganize kuti malo awiriwa aoneka mofanana pa galafu. Ayi ndithu, ndi osiyana kutalitali.

Pa x = 1 pali bowo. M'mabuku amalijambula ngati kabwalo kopanda kanthu mkati, kokhala pa mzere womwe ukuyenda bwinobwino mbali zonse ziwiri. Tikaika x = 0.9 tipeza pafupifupi −1.73, ndipo pa 0.99 tipeza −1.97. Kuchokera kumanja, 1.1 akutipatsa −2.33, pomwe 1.01 akutipatsa −2.03. Mbali zonse zikusendera ku −2, choncho timalemba kuti lim (x→1) f(x) = −2, ngakhale f(1) kulibe. Zili ngati msewu womwe mlatho wake wakokoloka ndi madzi: mlatho palibe, koma mukaima tsidya lililonse mukuona bwino pomwe misewu iwiriyo imayenera kukumana.

Chifukwa chake chikuoneka mu fomula. Chigawo cha (x − 1) chili pamwamba ndi pansi pomwe, ndiye paliponse pomwe x si 1 zimafafanizana nkutsala (x + 1)/(x − 2). Mukaika 1 m'menemu mupeza 2 kugawa ndi −1, yomwe ndi −2. Umenewu ndiwo msinkhu wa bowolo.

Okonza mayeso amakonda kuwonjezera msampha apa. Amasiya bowo pa −2, koma nkuika kadontho kakuda pamwamba, tinene pa msinkhu wa 5, pa x = 1 pomwepo. Kadonthoko kakunena kuti f(1) = 5, basi. Limiti ikadali −2, popeza mzere sunasinthe kolowera. Mutha kukweza kadonthoko mpaka 100 kapena kukafufuta, limiti sigwedezeka. Kwa ine, wophunzira amene wamvetsa galafu imeneyi wagwira mutu wa nkhani yonse, ndipo aphunzitsi angachite bwino kukhalitsapo asanapite kwina.

Pa x = 2 nkhani ndi ina. Pano mbali ya pansi ikupita ku ziro pomwe ya pamwamba ikusendera ku 3, ndipo nambala ikagawidwa ndi kanambala kochepetsetsa yankho limakula zedi. Pa 1.99 tipeza −299, pa 1.999 tipeza −2999. Kumanja, 2.01 akupereka 301 ndipo 2.001 akupereka 3001. Pa galafu mudzaona mzere wa kumanzere ukutsetsereka pansi osaima, wa kumanja ukukwera osaima, yonse ikukanirira kufupi ndi mzere woimirira wa x = 2 osaukhudza. Mzere woimirirawo, womwe nthawi zambiri amaujambula modukizadukiza, ndiwo asimputoti.

Timalemba kuti lim (x→2⁻) f(x) = −∞ ndiponso lim (x→2⁺) f(x) = +∞. Kachizindikiro kochotsera pamwamba pa 2 kakutanthauza kuchokera kumanzere, kophatikizira kuchokera kumanja. Sikakunena za −2, monga ena amawerengera. Chizindikiro cha ∞ nachonso si nambala yomwe mzere ungafikepo. Ndi njira yachidule yonenera kuti mutchule nambala iliyonse yaikulu, mzerewo udzaipitirira mukasendera mokwanira. Choncho pa x = 2 limiti palibe. Ngakhale pa 1/x², pomwe mbali zonse zimakwera limodzi x akamayandikira 0 ndipo timalemba +∞, palibe nambala yomwe yapezeka; tangofotokoza momwe limitiyo yalepherera kukhalapo.

Pali kayesedwe kachangu kosiyanitsira malo awiriwa. Ikani nambalayo mu fomula. Mukapeza nambala yosakhala ziro pamwamba ndi ziro pansi, monga zimachitikira pa x = 2, pamenepo pali asimputoti. Mukapeza 0/0, monga pa x = 1, musathamangire kunena kuti ndi bowo. Fafanizani kaye zofanana muone chotsala. Mu (x − 1)/(x − 1)², mwachitsanzo, x = 1 amapereka 0/0, koma chotsala ndi 1/(x − 1), ndipo pamenepo pali asimputoti.

Kulumpha kumafuna chitsanzo chake. Tinene kuti g(x) = x + 1 pamene x ndi wochepera 3, ndipo g(x) = x − 1 kuyambira pa 3 kupita m'tsogolo. Chala cha kumanzere chikwera kulunjika pa 4 nkupeza kabwalo kopanda kanthu. Cha kumanja chitsikira pa 2, pomwe pali kadontho kakuda. Mbali iliyonse ili ndi limiti yake, 4 ndi 2, koma poti sizikugwirizana, limiti ya pa 3 palibe. Ena amatenga nambala ya pakati nkulemba 3, ena amalemba 2 chifukwa cha kadontho kaja. Onsewa alakwa. Kadonthoko kakungotiuza kuti g(3) = 2.

Chenjezo lomwe ndimaliona lofunika kwambiri masiku ano ndi la magalafu ojambulidwa pa foni kapena pa kakyuleta. Makinawa amawerengera madontho ambiri nkuwalumikiza. Bowo lilibe m'lifupi, ndiye nthawi zambiri silioneka konse, ndipo galafu ya f(x) yathu ija imangooneka yosalala pa x = 1. Makakyuleta ena amalumikizanso dontho la pansi kumanzere kwa 2 ndi la pamwamba kumanja kwake, nkutulutsa mzere wotsala pang'ono kuimirira womwe suli mbali ya galafuyo. Ndiponso diso silingasiyanitse −2 ndi −1.98 pa pepala. Ngati fomula yaperekedwa, onani kaye pomwe mbali ya pansi ikusanduka ziro, kenaka yesani nambala ziwiri kapena zitatu mbali iliyonse ya malowo musanalembe yankho.