Pampu ikamangoyaka ndi kuzima, musathamangire kugula ina

Eni masaluni, malesitilanti ndi malo otsukira galimoto ambiri amasunga madzi m'thanki yaikulu pansi, n'kuikapo pampu yamagetsi yokankha madziwo kupita kumipopi. Dandaulo lofala pa mapampu amenewa ndi lakuti amayamba kuyaka ndi kuzima pamasekondi ochepa alionse. Vutoli limadya ndalama, chifukwa mota ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa pamene ikungoyenda. Ikamadzuka pafupipafupi imatentha, kapasita imafooka, ndipo timapazi ta m'switchi timapsa. Komatu nthawi zambiri pampuyo imakhala ilibe mlandu.

Pampu yotereyi imagwira ntchito ndi zinthu zitatu: kathanki kachitsulo kozungulira, kawirikawiri ka malita 24, geji yoonetsa presha, ndi kabokosi ka switchi ya presha. M'kathanki muli chubu cha labala chimene madzi amalowamo, ndipo kunja kwa chubucho kuli mpweya. Pampu ikamadzaza madzi, mpweyawo umapanikizika. Presha ikafika pamlingo wapamwamba, switchi imazimitsa mota. Munthu akatsegula mpopi, mpweya uja ndi umene umakankha madzi mpaka presha itatsika pamlingo wapansi, pomwe switchi imayatsanso mota.

Maswitchi ambiri ogulitsidwa m'mahadiweya amabwera atatcheredwa kuyatsa pa baa 1.4 ndi kuzimitsa pa baa 2.8. Pa geji, mabaa ndi manambala aang'ono aja oyambira 0 kulekezera 6 kapena 10. Kathanki ka malita 24 kokhala ndi mpweya wokwanira kamatulutsa madzi pafupifupi malita 8 pakati pa kuzima ndi kuyakanso. Apa ndi pamene pali muyeso wosavuta: pampu ikangozima, mwini atsegule mpopi m'ndowa n'kuona madzi amene atuluke isanayakenso. Akapeza kapu imodzi kapena lita imodzi yokha, ndiye kuti pali chimene chalakwika.

Choyamba kuunika ndi mpweya wa m'kathanki, osati switchi. Kumbuyo kwa kathanki kuli valavu yofanana ndi ya tayala la galimoto. Akadina kamsomali ka pakati pake n'kutuluka madzi, chubu chang'ambika. Pa mathanki ambiri chubucho chimasinthika pomasula mabawuti a pakamwa pa kathanki, choncho sipafunika kugula pampu yonse. Ngati patuluka kampweya kofooka kapena sipatuluka kanthu, mpweya wangothamo. Madzi sapanikizika ngati mpweya, n'chifukwa chake presha imagwa nthawi yomweyo mpopi ukatsegulidwa, n'kukweranso msanga mota ikayaka.

Popopa mpweya, azule pampu kumagetsi, atseke valavu yochokera kuthanki yaikulu, ndipo atsegule mpopi mpaka madzi asiye kutuluka. Kuyeza madzi akadali ndi presha kumanamiza, chifukwa geji ya matayala imangowerenga presha ya madziwo. Mpweya uyenera kuchepera ndi baa 0.2 pa mlingo umene pampu imayakira. Pampu yoyaka pa 1.4 imafuna mpweya wa 1.2. Pampu ya njinga kapena ya galimoto ndi yokwanira pa ntchitoyi.

Chachiwiri ndi kudontha. Pampu imene imadzuka yokha usiku mipopi yonse ili yotseka ikutaya madzi penapake. Pofuna kudziwa mbali yake, atseke valavu yopita kunyumba pampu itangozima, n'kuyang'anitsitsa geji. Singano ikaima malo amodzi, kudontha kuli kunyumba, ndipo kawirikawiri ndi kathanki ka chimbudzi kamene kakuchucha mwakachetechete. Singano ikamatsikabe, madzi akubwerera kuthanki yaikulu kudzera pa valavu yoletsa madzi kubwerera, imene mwina yatsamwa mchenga kapena yatha. Kutembenuza manati a switchi sikungachize vuto limeneli.

Zonsezi zikakhala bwino, ndiye nthawi yotsegula kabokosi ka switchi. Magetsi azulidwe kaye, chifukwa mawaya a m'kabokosimo ali pamtunda, pafupi kwambiri ndi pamene sipanala imagwira. Mkatimo muli masipuling'i awiri, chilichonse ndi nati yake. Nati ya pa sipuling'i chachikulu imasuntha milingo yonse iwiri pamodzi: kuimanga kumakweza poyakira ndi pozimira pomwe, kuimasula kumatsitsa zonse ziwiri. Nati ya pa sipuling'i chaching'ono imasintha mpata wa pakati pa milingoyo. Kuimanga kumakweza pozimira pokha, poyakira n'kukhala pomwe panali.

Mwachitsanzo, pa saluni wina wakhala akugwiragwira manatiwo, ndipo tsopano geji ikuonetsa kuti pampu ikuyaka pa 2.0 n'kuzima pa 2.6. Mpata ndi baa 0.6 yokha. Mpweya uli bwinobwino pa 1.2, koma kathanki kakutulutsa malita atatu okha. Ngati mpopi wotsukira tsitsi umatulutsa malita 8 pa mphindi, madziwo akutha m'masekondi pafupifupi 20, mota n'kudzukanso kasitomala asanatsukuluzidwe n'komwe.

Wokonza ayambe ndi nati yaikulu. Aimasule kuzungulira kumodzi, avindikire kabokosi, alumikize magetsi, kenako atsegule mpopi pang'ono n'kuwerenga geji pamene mota yayaka. Abwereze zimenezi, akuzula magetsi ulendo ulionse, mpaka pampu iziyaka pa 1.4. Panthawiyi idzakhala ikuzima chapa 2.0, popeza milingo yonse yatsikira limodzi. Kenako amange nati yaing'ono theka la kuzungulira ulendo ulionse, akutseka mpopi ndi kuona pozimira, mpaka singano ifike pa 2.8. Ndowa ija iyenera tsopano kulandira malita pafupifupi 8, kutanthauza mphindi yathunthu mota ili chete. Ndi bwino kulemba papepala kuti nati iliyonse yazunguliridwa kangati, kuti zikasokonekera ibwezeredwe pomwe inali.

Kutchera kuli ndi malire ake. Pa kachitsulo ka pa pampu pamalembedwa mamita amene ingakweze madzi, ndipo mamita 10 ndi pafupifupi baa imodzi. Pampu ya mamita 35 singapitirire baa 3.5, ndipo ikakalamba siifikanso pamenepo. Woitchera kuti izizima pa 3.5 adzaipeza ikungolira osazima, madzi a mkati mwake akutentha mpaka kuononga silo. Pozimira pakhale pansi pa mphamvu ya pampu ndi theka la baa kapena kuposerapo. Poyakira naponso pasatsike kwambiri ngati pali mipopi ya pamwamba, chifukwa shawa ya m'nyumba yosanja imafooka pampu isanadzuke. Ndipo aliyense wosintha poyakira akumbukire kusinthanso mpweya wa m'kathanki kuti ugwirizane ndi mlingo watsopanowo.

Mapampu ena alibe kathanki kozungulira koma ali ndi kabokosi ka timagetsi toyaka pamwamba. Amenewa alibe manati awiri aja, ndipo akamayaka ndi kuzima, kawirikawiri vuto limakhala kudontha kapena valavu yobweza madzi.

Kwa ogulitsa zipangizo za mipopi, kasitomala wobwera kudzafuna switchi yatsopano ndi woyenera kumufunsa kaye mafunso awiri: kodi pa valavu ya kathanki pakutuluka mpweya kapena madzi, nanga singano ya geji ikutsika mipopi ili yotseka? Mayankho ake ndi amene anganene ngati akufunika chubu, valavu kapena switchiyo.